Pomasulira zokambirana za mtengo, lembani "ngati", "koma" ndi manambala

"Zikomo, ndili ndi funso. Ndimagwira ntchito pa kampani ina kuno ku Britain imene imaitanitsa zakudya kuchokera kunja. Chisipanishi ndinachiphunzira ndipo ndimachilankhula bwino, ndiye abwana akuti mwezi wamawa ndikawamasulire pokanenerera mtengo wa mafuta a olivi ndi ogulitsa a ku Jaén, ku Spain. Kutchalitchi ndimamasulira ndithu, koma abusa amanena chiganizo chimodzi n'kundidikira. Nanga munthu akalankhula mphindi ziwiri osapuma, manambala ali mbwee, ndizilemba chiyani, ndipo ndizilemba bwanji?"

Achemwali, choyamba chotsani maganizo oti mulembe mawu amene munthuyo akunena. Dzanja silingapikisane ndi pakamwa, ndipo amene amathamangitsa mawu papepala amasiya kumvetsera. Mutu wanu umasunga bwino nkhani ndi tanthauzo lake, monga mmene mumachitira kutchalitchi. Zimene mutu umataya ndi zitatu: manambala pamodzi ndi miyeso yake, amene akuyenera kuchita chinthu, ndi timawu tolumikiza mfundo monga "ngati", "koma", "pokhapokha" ndi "chifukwa". Pa zokambirana za malonda ndalama zonse zagona pa zitatu zimenezi, choncho kabuku kanu ndi ka zimenezo.

Njira imene omasulira ambiri amaphunzitsidwa inachokera kwa Jean-François Rozan, amene ankaphunzitsa ku Geneva ndipo mu 1956 anatulutsa kabuku kakang'ono ka mfundo 7. Mwachidule iye anati muzilemba ganizo osati mawu, muzifupikitsa mawu, muzisonyeza zolumikiza, kukana ndi kutsindika, ndiponso muzilemba motsika pansi, mfundo iliyonse ikusunthira kumanja. Zimenezi zimamveka bwino munthu akaziona zikugwira ntchito, ndiye tiyeni tikhale patebulo lanu la ku Jaén. Mitengo imene ndigwiritse ntchito ndi yongopeka kuti tiwerengere, si ya pamsika.

Wogulitsa walankhula m'Chisipanishi kwa mphindi imodzi ndi theka. Wayamba ndi kudandaula kuti mvula inavuta ndipo zokolola sizinali zambiri. Kenako wati: "Tikhoza kutsika kufika pa mayuro 4.20 pa kilo, FOB Algeciras, pokhapokha inu mutalonjeza kutenga makontena 6 kuyambira Januwale mpaka Juni, n'kulipiratu 30 peresenti, zotsalazo pakatha masiku 60 kuchokera pa tsiku la chikalata cha sitima. Mukatenga makontena 4 okha, mtengo ukhala 4.35. Koma ikadutsa Malichi sitingatsimikize kuti asidi akhala pansi pa 0.3."

FOB Algeciras ndiye kuti wogulitsa afikitsa katundu m'sitima pa doko la Algeciras. Tsamba la womasulira wodziwa ntchito likhoza kuoneka chonchi:

```
      | mvula x → zokolola ↓
------|----------------------
      | ife  ↓?  4.20 €/kg
      |            FOB Alg
NGT!  | inu  ✓  6 knt
      |            Jan-Jun
      |   +  30% <
      |      70% 60d B/L
------|----------------------
NGT   | inu  4 knt
      |      = 4.35
------|----------------------
KOMA  | ife  X ✓  asidi <0.3
      |            > Mar
```

Taonani kuti dandaulo lonse la mvula, limene mwina linatenga theka la nthawi, lalowa mu mzere umodzi. Simungaliiwale, chifukwa ndi nkhani. Malo ambiri apita ku chiganizo chimodzi chokha chimene chili ndi ndalama.

Mzere woimirira umene uli kumanzerewo muujambule musanalowe m'chipinda, masentimita 2 kapena 3 kuchokera m'mphepete, pa masamba osachepera 20. Kumanzere kwa mzerewo sikulowa china chilichonse koma mawu olumikiza. Cholinga chake n'chakuti mukangoponya diso, musanatsegule pakamwa, muone mafupa a zimene zanenedwa: pali "ngati" awiri ndi "koma" mmodzi. Mukatero mumayamba chiganizo chanu cha Chingerezi mukudziwa kale kuti mtengo wa 4.20 uli ndi chingwe, ndipo mawu anu amamveka kuti simunamalize. Womasulira amene walemba zonse mopingasa ngati kalata amawerenga 4.20, n'kutsitsa mawu ngati wamaliza, abwana n'kumwetulira n'kulemba. Akamafika pa "pokhapokha", abwanawo amakhala atamva kale kuti mtengo watsika. Pa kontena ya makilo 21,000, kusiyana kwa 4.20 ndi 4.35 ndi mayuro 3,150. Pa makontena 4 ndi mayuro 12,600, ndipo mkangano wake umadzabuka tsiku losaina kontirakiti, wina akuti munavomera, wina akuti sitinanene choncho.

Pa zolumikizazi pali msampha umene ndi wa ife olankhula Chichewa tokha. Omasulira ambiri a Chisipanishi amalemba "si" m'mphepete kutanthauza "ngati", poti ndi kafupi. Inu musayerekeze. M'mutu mwanu "si" ndi kukana, monga mu "si ine", ndipo m'Chisipanishi momwemo kakangokhala ndi kachizindikiro pamwamba kamatanthauza "inde". Kamawu kamodzi kokhala ndi matanthauzo atatu otsutsana sikoyenera kukhala pamalo amene diso likufikapo kwa kamphindi chabe. Lembani NGT, kapena chizindikiro china chimene mwasankha, bola chikhale chimodzimodzi nthawi zonse. Kupatula apo, Chichewa ndi chuma chanu pa ntchitoyi. "Ife", "inu", "koma", "poti" ndi "basi" ndi mawu afupi, ndipo amene wakhala pafupi nanu akasuzumira sawerengapo kanthu. Aphunzitsi ena amati manotsi azilembedwa m'chinenero chimene mukumasuliramo, kuti ntchito yotembenuza ichitike mukumvetsera. Ndi malangizo abwino pamene nkhani ikuyenda pang'onopang'ono. Ikathina, lembani mawu amene abwera msanga, a chinenero chilichonse.

Kachizindikiro kofunsa kamene kali pambali pa muvi wotsikawo kali ndi ntchito yaikulu. Wogulitsa sananene "podemos", kutanthauza kuti tingathe, koma "podríamos", kutanthauza kuti tikhoza mwina. Kusiyana kwake ndi timalembo towerengeka pakati pa mawu, ndipo m'chipinda cha phokoso n'kosavuta kukuphonya. Koma woyambayo watsegula chitseko, pamene wachiwiriyo wangogwira chogwirira. M'Chingerezi mumvekenso kusiyana komweko pakati pa "can" ndi "could". Khalani ndi zizindikiro zitatu zosasintha: chofunsa pa zimene zangoyerekezedwa, chochonga pa lonjezo lenileni, ndi X pa kukana. Mukafuna kutsindika, dulani mzere kunsi kwa mawuwo kapena ikani chizindikiro chofuula, monga ndachitira pa NGT woyamba, poti "pokhapokha" ndi wolimba kuposa "ngati" wamba.

Kukana kumafuna diso lapadera. Njira imodzi ya Rozan inali kudula mzere pakati pa mawu amene akukanidwa. Vuto la njira imeneyi kwa wongoyamba n'lakuti nayenso amadula mawu amene walakwitsa, ndiye pobwerera sadziwa ngati mzerewo ukutanthauza "ayi" kapena "ndinalakwitsa". Ikani X wamkulu kutsogolo kwa mawu pokana, ndipo cholakwika muzichifufuta mpaka chisawerengeke.

Tsopano "ife" ndi "inu". Mumasulira ngati kuti ndinu wolankhulayo: "tikhoza kutsika", osati "akuti akhoza kutsika". Zimafupikitsa nthawi ndipo zimachititsa kuti awiriwo aziyang'anana okha m'malo moyang'ana inu. Koma zikatero ndiye kuti "ife" wa tsamba lino ndi wogulitsa, "ife" wa tsamba lotsatira ndi abwana anu. Pakatha ola limodzi mutu umasokonezeka, makamaka poti Chisipanishi nthawi zambiri sichitchula wochita, chimangomubisa kumapeto kwa mneni, monga mmene Chichewa chimamubisira kumayambiriro. "Pagamos" ndi tilipira, "pagan" ndi mulipira kapena alipira, ndipo funso loti ndani alipire inshulansi lagona pa timalembo tomalizato, timene anthu a ku Andalusiya, dera limene kuli Jaén, amakondanso kutimeza polankhula. Mankhwala ake ndi osavuta. Pamwamba pa tsamba lililonse lembani chilembo cha amene akulankhula, G wogulitsa, B abwana, ndipo musasiye mneni aliyense wa kulipira, kutumiza kapena kutsimikiza wopanda mwini wake kumanzere kwa mneniyo. Ngati simunamve mwini wake, funsani.

Manambala ndi amene amagwetsa anthu ambiri, ndipo lamulo lake ndi limodzi: nambala ikangomveka, siyani chilichonse chimene mumalemba, ilembeni pomwepo pamodzi ndi muyeso wake. Ganizo limadikira m'mutu, nambala sidikira. Ndanena kuti pamodzi ndi muyeso wake chifukwa pa mafuta a olivi pali dzenje lenileni. Ku Spain mafuta osaikidwa m'mabotolo amagulitsidwa pa kilo kapena pa tani, pamene wogula amene amagulitsa m'masitolo amaganiza m'malita. Lita imodzi ya mafutawa imalemera pafupifupi makilo 0.916. Ndiye kuti 4.20 pa kilo ndi pafupifupi 3.85 pa lita. Mukalemba 4.20 yokha, kenako n'kunena "pa lita" poti ndi mmene mwazolowera kumva ku ofesi, abwana anu amva mtengo wokwera ndi pafupifupi 9 peresenti kuposa umene wanenedwa, ndipo akhoza kukana mtengo umene akanaulandira. Komanso musawatembenuzire nokha kuchoka pa makilo kupita pa malita, kapena pa mayuro kupita pa mapaundi. Nenani muyeso umene wanenedwa. Masamu achite okha, poti mukalakwitsa inu cholakwacho chimalowa m'kamwa mwa wogulitsa.

Pali manambala amene amamveka mofanana. M'Chisipanishi "sesenta" ndi 60 ndipo "setenta" ndi 70, kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi. M'Chingerezi 15 ndi 50, 16 ndi 60, zimasokoneza makutu a Asipanishi ngakhale mutazitchula bwino. Masiku 60 kapena 70 olipirira, dipoziti ya 15 kapena 50 peresenti, si nkhani yoti n'kungoganizira. Mukamasulira nambala yotere itchuleni kenako mutchule manambala ake limodzilimodzi, 6 ndi 0. Zimatenga kamphindi ndipo palibe amene amakhumudwa nazo. Pa zolembedwa, dziwani kuti ku Spain amaika mpumiro pamene ku Britain amaika kadontho, ndi kadontho pamene ku Britain amaika mpumiro: 4,20 ndi 21.000 kwa iwo ndi 4.20 ndi 21,000 kwa abwana anu. M'kabuku mwanu sankhani kalembedwe kamodzi ndipo musasinthe, ngakhale pepala la mitengo limene lili patebulo litalembedwa mwa njira inayo. Ndipo wina akadzatchula kukula kwa msika wonse, "billón" wa Chisipanishi ndi miliyoni kuchulukitsa ka miliyoni, si biliyoni wa Chingerezi, amene iwo amati "mil millones".

Masiku nawo ali ndi zawo. Msipanishi akati "quince días", mawuwo ndi masiku 15, koma pa kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku amatanthauza masabata awiri. Pocheza zilibe kanthu. Ikakhala nthawi yolipirira kapena yobwezera katundu wolakwika, nenani 15 monga wanenera, kenako pemphani kuti atsimikize, ndipo afotokozenso ngati ali masiku onse a pa kalendala, "naturales", kapena ogwira ntchito okha, "hábiles". Masiku 60 ogwira ntchito ndi pafupifupi masabata 12, pamene 60 a pa kalendala safika masabata 9. Onaninso kuti pa tsamba lija sindinalembe 60d yokha, ndawonjezera B/L, chidule cha chikalata cha sitima. Masiku owerengedwa kuchokera pa chikalata cha sitima, pa inivoisi, kapena pa tsiku limene katundu wafika, ndi masiku atatu osiyana.

Zilembo zitatu monga FOB, CIF, FCA ndi DAP musazimasulire. Ndi malamulo a Incoterms a bungwe la zamalonda la ICC, amene mtundu wake wa 2020 uli ndi malamulo 11, ndipo mbali zonse ziwiri zimawadziwa ndi zilembo zomwezo. Chanu n'kuzilemba pamodzi ndi dzina la malo, chifukwa FOB yopanda doko ndi theka la mfundo. Muwerengeretu tanthauzo la anayi kapena asanu amene angatchulidwe. Pa FOB wogulitsa amafikitsa katundu m'sitima pa doko lotumizira, ndipo ulendo wa panyanja ndi wa wogula. Pa CIF wogulitsa amalipira sitima ndi inshulansi mpaka doko lofikira. Mukadziwa zimenezi, wina akati FOB Felixstowe mudzamva nokha kuti pali chimene chasokonekera, poti limenelo ndi doko lofikira, ndipo mudzafunsa musanamasulire.

Mawu amodzi amene awononga zokambirana zambiri za zinenero ziwirizi ndi "compromiso". Amaoneka ngati mnzake wa Chingerezi "compromise", koma tanthauzo lake ndi lonjezo lomanga munthu. Abwana anu akati tiyeni tikumane pakati, aliyense asiyeko pang'ono, inu n'kunena "compromiso", wogulitsa amva kuti Mngerezi wadzimanga. Nenani "término medio". Mbali inayo, wogulitsa akapempha "compromiso" ya makontena 6, sakupempha kukumana pakati, akufuna lonjezo. N'chifukwa chake pa tsamba lija pali chochonga, osati mawuwo. Apa ndi pamene mfundo yolemba ganizo m'malo mwa mawu imakupulumutsani: chizindikiro chilibe chinenero, ndiye sichingakukokereni ku mawu ofanana nawo maonekedwe. Ena a mtundu womwewu ndi "precio actual", umene ndi mtengo wa panopa, ndi "eventualmente", amene ndi "mwina zikadzafunika", osati "pamapeto pake".

Zizindikiro zisakuchulukireni. Kwa msonkhano woyamba 15 kapena 20 n'zokwanira: mivi ya kukwera, kutsika ndi zotsatira, chochonga, X, chofunsa, chofanana, chachikulu ndi chaching'ono kuposa, ndi zidule za mawu amene mukudziwa kuti abwerezedwa, monga kontena, mtengo, kulipira, kutumiza ndi asidi. Chizindikiro chimene mwachipeka muli m'chipinda mudzachiyang'ana pakatha mphindi imodzi osachizindikira. Onaninso chinthu chimodzi pa tsamba lija chimene ndachisiya dala kuti muone ngozi yake: chizindikiro < chagwira ntchito ziwiri, "kulipiratu" pa 30 peresenti ndi "pansi pa" pa asidi. Pamenepo nkhani yake ikuthandiza kusiyanitsa, koma ndi chizolowezi choipa. Pa nthawi, ndi bwino kugwiritsa ntchito mawu afupi monga "kale" ndi "pambuyo", kapena muvi wokhota, n'kusiya < ndi > kuti zikhale za kuchuluka kokha.

Kabuku kakhale kokhala ndi waya pamwamba, kakukula ngati A5, kachikuto cholimba kuti muthe kulemba mutaimirira akakutengani kukaona matanki ndi makina ofinyira. Lembani mbali imodzi yokha ya pepala. Wolankhula akayamba, gwirani tsamba loyambira ndi chala kapena lipindeni pakona, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati kufunafuna poyambira anthu asanu akukuyang'anani. Mukamaliza kumasulira gawo, lidutsitseni mzere wopendekera koma liziwerengekabe, poti pakatha ola wina adzati "paja munati 4.20", ndipo tsamba lanu ndi limene lidzathetse nkhaniyo. Mabolopeni akhale awiri. Pensulo imathyoka.

Musanayambe, pemphani mphindi imodzi ndipo munene zinthu zitatu m'zinenero zonse ziwiri: kuti muzilankhula ngati mwini mawu, kuti chilichonse chonenedwa mokweza patebulo muchimasulira, ndi kuti mukakweza dzanja pang'ono wolankhula amalize chiganizo chake n'kuima. Akatswiri a misonkhano ikuluikulu amatha kutenga mphindi 5 kapena kuposa nthawi imodzi. Inu musapitirire mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo pamene pali manambala dulani msanga. Koma musadule pakati pa mtengo ndi "pokhapokha" wake. Abwana anu muwauziretu kuti msonkhano wa ola limodzi utenga pafupifupi maola awiri, komanso kuti mudzafuna kupuma mphindi 10 pakatha ola lililonse. Chizindikiro choti mwatopa n'chakuti manotsi amayamba kutalika, mukulemba mawu athunthu mopingasa, m'mphepete muja muli mbee.

Nkhani yanu ili ndi mbali ina yovuta: ndinu wantchito wa mbali imodzi. Nenani zimenezo poyera podzidziwikitsa, kuti ogulitsawo adziwe kuti mukumva zimene akunong'onezana. Gwirizananinso ndi abwana anu kuti akafuna kukambirana zachinsinsi ndi mnzawo apemphe kupuma n'kutuluka, osati kulankhula patebulo n'kuyembekeza kuti inu mukhala chete, makamaka poti ogulitsa kunja ambiri amamva Chingerezi ndithu ngakhale asankhe kulankhula chinenero chawo. Ndipo musakometse mawu. Wogulitsa akati mtengo umenewo ndi chipongwe, ulemu wathu umatikoka kuti tinene kuti "akuona kuti ndi wotsika pang'ono". Mukatero mwabisira abwana anu chinthu chimene amafunika kudziwa, chakuti afika pa malire. Chimodzimodzi Mngerezi akati aganizirapo, musasandutse mawuwo kukhala inde kapena ayi. Aperekeni osamveka bwino monga mmene abwerera, wogulitsa afunse yekha.

Mukazindikira kuti mwalakwitsa, konzani nthawi yomweyo, ndipo apa pokha lankhulani ngati munthu wachitatu kuti asaganize kuti wogulitsa wasintha mawu: "Womasulira akukonza: masiku ndi 60, osati 70." Munene m'zinenero zonse ziwiri. Mfundo iliyonse ikagwirizanidwa, pemphani kuti mmodzi wa iwo aibwereze yonse, mtengo, muyeso, doko, makontena ndi masiku, inu mumasulire, wina alembe pa pepala limene onse akuliona. Manotsi anu si maminitsi a msonkhano, ndipo mukamaliza muwang'ambe pamaso pawo kapena muwapereke kwa abwana, malinga ndi zimene munagwirizana.

Pa masabata anayi amene muli nawo, sabata yoyamba musagwire cholembera. Mverani nkhani ya Chisipanishi ya mphindi imodzi, muibwereze m'Chingerezi kuchokera m'mutu, mukudzijambula pa foni. Sabata yachiwiri lembani zolumikiza ndi manambala okha. Yachitatu onjezani wochita, mneni ndi chochitidwa, motsika ndi mosunthira kumanja. Zolankhula zoyeserera zilipo pa Speech Repository ya omasulira a bungwe la mayiko a ku Ulaya, zosanjidwa kuyambira zosavuta, koma funaninso mavidiyo a alimi ndi amalonda a ku Jaén, chifukwa kalankhulidwe kawo kamameza "s" womaliza, ndipo khutu liyenera kuzolowera kusiyanitsa "doce", 12, ndi "dos", 2, pakamwa pawo. Sabata yomaliza pemphani kwa abwana pepala la mitengo, kontirakiti yakale ndi makalata amene analemberana, mulembe mawu onse a ntchitoyi m'mizere iwiri pa tsamba lomaliza la kabuku kanu, ndipo mnzanu akuwerengereni mitengo yopeka mothamanga, inu mukulemba ndi kubweza. Mukamamvetsera zimene mwajambula, werengani "ngati" amene anali m'mawu oyamba ndi amene atuluka mwa inu. Akasiyana, bwerezani gawo lomwelo.